Apu, tsamba la pa foni ndi PWA: kusiyana kwake pa ntchito yaing'ono

Munthu kapena bungwe likafuna kufikira anthu kudzera pa foni yamakono, limasankha pakati pa njira zitatu. Yoyamba ndi apu, pulogalamu imene munthu amaikopera ndi kuiika m'foni mwake. Yachiwiri ndi tsamba la pa intaneti lokonzedwa kuti lizikwana bwino pa sikirini ya foni, limene limatsegulidwa ndi bulawuza monga Chrome kapena Safari. Yachitatu ndi PWA, tsamba lomwelo la pa intaneti koma lopatsidwa zina mwa mphamvu za apu. Pa ntchito yaing'ono, monga kuonetsa mitengo, kulembetsa dzina kapena kusungitsa malo, kusankha kumadalira zinthu ziwiri: munthu mmodzi azibwerako kangati, ndipo ntchitoyo ikufuna ziwalo ziti za foni.

Chiyambi chake

Pamene iPhone inatuluka mu 2007, kampani ya Apple inkalimbikitsa opanga mapulogalamu kuti azilemba masamba otsegulidwa ndi Safari. Zinthu zinasintha mu 2008, pamene App Store inatsegulidwa ndipo Google inayambitsa Android Market, imene mu 2012 inasanduka Google Play. Kuyambira pamenepo anthu ambiri anayamba kuganiza kuti ntchito iliyonse ya pa foni iyenera kukhala apu.

Dzina loti PWA linabwera mu 2015 kuchokera kwa Frances Berriman ndi Alex Russell, ndipo Russell pa nthawiyo ankagwira ntchito pa Chrome. Zilembo zitatuzi zikuimira mawu a Chingerezi otanthauza apu ya pa intaneti imene imawonjezera luso lake malinga ndi zimene foni ndi bulawuza yake zingakwanitse. Pa foni yakale imangokhala tsamba wamba, pomwe pa foni yatsopano imatha kukhala ndi chizindikiro chake pa sikirini ndi kutseguka ngakhale netiweki palibe.

Chimene chimasandutsa tsamba kukhala PWA

Pamafunika zinthu zitatu. Choyamba, tsambalo liyenera kudutsa pa HTTPS, njira imene imabisa uthenga woyenda pakati pa foni ndi seva. Chiphaso cha HTTPS chimapezeka kwaulere ku Let's Encrypt.

Chachiwiri ndi kafayilo kofotokoza dzina la ntchitoyo, zithunzi za chizindikiro chake ndi mmene iyenera kuonekera. Nthawi zambiri kamatchedwa `manifest.json`:

```json
{
  "name": "Nthawi za Basi",
  "start_url": "/",
  "display": "standalone",
  "icons": [
    { "src": "/192.png", "sizes": "192x192", "type": "image/png" },
    { "src": "/512.png", "sizes": "512x512", "type": "image/png" }
  ]
}
```

Mawu oti `standalone` amauza foni kuti ibise malo olembapo adiresi, kotero kuti tsambalo lizioneka ngati apu.

Chachitatu ndi kapulogalamu ka JavaScript kamene kamakhala pakati pa tsamba ndi netiweki, ndipo kamalembetsedwa ndi mzere umodzi:

```js
navigator.serviceWorker.register('/sw.js');
```

Tsamba likapempha chinthu chilichonse, kaya ndi chithunzi kapena ndandanda ya mitengo, pempholo limayamba lafika kwa kapulogalamuka. Iko ndiko kamasankha kukatenga chinthucho ku seva kapena kupereka chimene kanasunga kale m'foni. Chrome inayamba kulola zimenezi mu 2015, ndipo pa iPhone zinafika mu 2018 ndi iOS 11.3.

Chitsanzo: kampani yaing'ono ya mabasi

Tiyerekeze kampani imene ili ndi mabasi ochepa oyenda pakati pa Lilongwe ndi Mzuzu. Ikufuna kuti apaulendo aziona nthawi yonyamukira ndi mtengo wa tikiti, komanso azisungitsa mpando. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekezera kuti masamu aoneke bwino. Apu ikhale ya 20 MB. Tsamba likhale la 300 KB, ndipo mwa zimenezi ndandanda ya nthawi ndi mitengo ikhale 30 KB yokha.

Wapaulendo amene amayenda kanayi pa chaka, akamatsegula tsamba wamba n'kumalikopera lonse ulendo uliwonse, adzawononga 1.2 MB. Likakhala PWA, amakopera 300 KB ulendo woyamba, kenako 30 KB ulendo uliwonse pa maulendo atatu otsalawo, zonse pamodzi 390 KB. Apu imamutengera 20 MB asanaone n'komwe kuti basi inyamuka nthawi yanji. Kuti afike pa 20 MB ndi tsamba wamba, ayenera kulitsegula koposa ka 66. Pamwamba pa bandulo palinso malo osungira zinthu. Foni yotchipa ikadzaza ndi zithunzi ndi makanema a pa WhatsApp, mwini wake amayamba kufufuta mapulogalamu amene sawatsegula kawirikawiri, ndipo apu ya basi imakhala m'gulu loyamba kuchoka.

Palinso masitepe amene munthu amadutsa. Kuti apeze apu, amatsegula Google Play, n'kusaka dzina, n'kudikira kuti ikopedwe, n'kuvomera zilolezo. Tsamba limafuna kungodina linki imene wina wamutumizira, kapena kujambula kachizindikiro ka QR komata pa khomo la ofesi. Kwa wapaulendo wa apo ndi apo, tsamba ndilo lopepuka.

Kondakitala wa kampani yomweyo ali ndi zosowa zina. Iye amatsegula pulogalamuyo tsiku ndi tsiku, amasindikiza malisiti pa kamakina kolumikizidwa ndi Bluetooth, ndipo mabwana ake amafuna kudziwa pamene basi yafika ngakhale foni ili m'thumba. Tsamba la pa intaneti, ngakhale litakhala PWA, silingapitirize kutumiza malo amene foni ili sikirini ikazima. Bluetooth ya pa tsamba imagwira pa Chrome koma pa Safari ayi. Kwa kondakitala, 20 MB yokopera kamodzi si nkhani, ndipo apu ndiyo yoyenera. Choncho ntchito imodzi ingafune njira ziwiri: tsamba la apaulendo ndi apu ya ogwira ntchito.

Ndalama ndi chisamaliro

Tsamba limalembedwa kamodzi ndipo limagwira pa Android, pa iPhone ndi pa kompyuta. Ndalama zake zokhazikika ndi za dzina la webusaiti ndi za seva. Apu imafunanso seva yomweyo, chifukwa mitengo ndi mipando zimasungidwa kumeneko, ndipo pamawonjezeka ndalama zolembetsera. Google Play imalipiritsa madola 25 kamodzi, pomwe Apple imalipiritsa madola 99 chaka chilichonse.

Kusiyana kwakukulu kumaoneka pokonza cholakwika. Tsamba wamba likakonzedwa pa seva, aliyense wolitsegula amapeza chokonzedwacho. Apu yokonzedwa imayamba yaunikidwa ndi eni sitolo, kenako imadikira kuti mwini foni aikopere, ndipo ambiri amazimitsa zokopera zokha pofuna kusunga bandulo. Komanso pa Android anthu amapatsirana mafayilo a APK kudzera pa Bluetooth kapena Xender. Izi zimathandiza apu kufalikira popanda intaneti, chinthu chimene tsamba silingachite, koma zimasiya mitundu yakale ikuyendayenda kwa nthawi yaitali, ndipo seva imayenera kumaiyankhabe. Google Play imafunanso kuti apu izikonzedwa kuti igwirizane ndi mitundu yatsopano ya Android, apo ayi imasiya kuoneka kwa anthu a mafoni atsopano. Kotero apu imafuna woisamalira ngakhale ntchito yake isanasinthe.

Zimene zimalakwika ndi PWA

Vuto lodziwika kwambiri ndi kuonetsa zakale. Tiyerekeze kuti kampani ija yakweza mtengo wa tikiti, koma `sw.js` inalembedwa kuti izipereka zosungidwa m'foni nthawi zonse isanafunse seva. Wapaulendo adzaona mtengo wakale n'kukakangana ndi wogulitsa matikiti pa depoti. Chizindikiro cha vutoli n'chakuti foni imene sinatsegulepo tsambalo imaonetsa mtengo watsopano, pomwe imene inalitsegulapo imaonetsa wakale. Mankhwala ake ndi kugawa zinthu pawiri. Zosasintha kawirikawiri, monga zithunzi ndi maonekedwe a tsamba, zizichokera m'foni. Mitengo ndi nthawi zizifunsidwa ku seva poyamba, ndipo zosungidwa zizioneka pokhapokha netiweki ikakana, limodzi ndi tsiku limene zinatengedwa.

Palinso kuchedwa kwa `sw.js` yatsopano. Bulawuza ikaipeza imaiika pambali kudikira kuti masamba onse ogwiritsa ntchito yakale atsekedwe, ndipo n'chifukwa chake wokonza amadabwa kuona kuti kutsitsimutsa tsamba sikukusintha kanthu. Lamulo la `skipWaiting()` limachotsa kudikirako.

Kutseguka popanda netiweki kulinso ndi malire. Ndandanda ingaoneke, koma mpando sungatsimikizike seva isanavomere, chifukwa wina angakhale atautenga kale. Malire amenewa ndi a apu ndi PWA mofanana. Njira yosavuta yoyesera ndi kutsegula tsamba kamodzi, kuzimitsa netiweki yonse ya foni, n'kulitsegulanso: liyenera kuonetsa ndandanda ndi kunena poyera kuti kusungitsa mpando sikutheka pakali pano.

Kuika PWA pa sikirini nakonso sikufanana. Pa Android, Chrome imatha kumufunsa munthu yokha. Pa iPhone munthu amayenera kudina `Share` kenako `Add to Home Screen`, ndipo ambiri sadziwa zimenezi. Mauthenga odzidziwitsa okha anafika pa iPhone mu 2023 ndi iOS 16.4, koma amagwira pokhapokha tsambalo litaikidwa pa sikirini. Linki ikatsegukira m'kati mwa Facebook, mwayi woliika nthawi zambiri suoneka mpaka munthu atasamukira ku bulawuza yeniyeni. Opera Mini, ikakhala pa njira yake yosunga bandulo kwambiri, imakonzera tsamba pa seva zake ndipo `sw.js` siigwira ntchito, choncho tsamba liyenera kumagwira ngakhale popanda iyo.

Kumene njira zonsezi sizifika

PWA ingathe kuikidwa pa Google Play pogwiritsa ntchito chida cha Bubblewrap, ngati eni ake akufuna kuti izipezeka m'sitolo popanda kulemba apu ina. Koma njira zonse zitatu zimafuna foni yamakono ndi bandulo yotsegula intaneti yonse. Munthu amene wagula bandulo ya WhatsApp yokha amalandira linki koma tsamba silitseguka, ndipo wa foni ya mabatani sangaike apu ya Android. Anthu oterewa amafikiridwa ndi SMS kapena USSD, manambala oyamba ndi nyenyezi n'kuthera ndi `#`, amene Airtel Money ndi TNM Mpamba zimagwiritsa ntchito ku Malawi. Kampani ya mabasi imene makasitomala ake ambiri ali ndi mafoni otere imayamba yaganizira njira zimenezi isanalipire wolemba tsamba kapena apu.