Mankhwala a BP: chifukwa chomwe dotolo amasankhira mosiyanitsa

Anthu awiri akhoza kuyezetsa tsiku limodzi pachipatala cha Bwaila ku Old Town mumzinda wa Lilongwe, onse n'kupezeka ndi BP ya 160/100, koma aliyense n'kulemberedwa mankhwala ake. Sikuti dotolo walakwitsa. Posankha mankhwala oyambira a kuthamanga kwa magazi, manambala pawokha sakwanira: amayang'ananso momwe impso zilili, ngati munthuyo ali ndi shuga, ngati ndi woyembekezera, komanso mankhwala ena omwe akumwa.

Magulu atatu oyambira

M'chaka cha 2021, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati munthu wamkulu yemwe BP yake yatsimikizika kuti ikufika 140/90 kapena kuposerapo ayambe mankhwala, ndipo lidatchula magulu atatu oyambira.

Gulu loyamba ndi la thayazaidi, lomwe ambiri amati mankhwala okodzetsa. Odziwika kuno ndi omwe m'bukhu la kuchipatala amalembedwa mwachidule kuti HCTZ. Ntchito yawo n'kuthandiza impso kutaya mchere ndi madzi kudzera mumkodzo. Gulu lachiwiri ndi la amulodipini ndi nifedipini, lomwe limatsekereza kashiyamu kulowa m'minofu ya mitsempha ya magazi, choncho mitsemphayo imamasuka n'kutambasuka. Gulu lachitatu ndi la enalapulili, lomwe limaletsa thupi kupanga michere ina yofinya mitsempha. Losatani ndi m'bale wake wogwira ntchito mofananirako.

Ndondomeko ya chithandizo yomwe Unduna wa Zaumoyo udatulutsa m'chaka cha 2015 idaika makwerero otere: kuyamba ndi HCTZ, kuonjezera amulodipini ngati BP sikutsika, kenako enalapulili.

Bwanji enalapulili ali kumapeto?

Yankho lagona mu impso. Impso zimatulutsa michere yotchedwa renini, yomwe imayambitsa kufinyika kwa mitsempha, ndipo njira imeneyi ndi yomwe enalapulili amatseka. Koma anthu ambiri akuda omwe ali ndi BP amakhala ndi renini wochepa, pamene matupi awo amasunga kwambiri mchere ndi madzi. Kwa oterewa, enalapulili payekha amatseka njira yomwe sindiyo gwero la vuto, n'chifukwa chake BP imatsika pang'ono. HCTZ ndi amulodipini sadalira renini, motero amagwira bwino.

Kafukufuku wa CREOLE, yemwe zotsatira zake zidatuluka m'chaka cha 2019, adayesa anthu oposa 700 m'maiko 6 a mu Africa, kuphatikizapo Mozambique, Kenya ndi South Africa. Patatha miyezi 6, omwe ankamwa amulodipini pamodzi ndi HCTZ, kapena amulodipini pamodzi ndi mankhwala a gulu la enalapulili, BP yawo idatsika kwambiri kuposa omwe ankamwa mitundu iwiri inayo popanda amulodipini. Phunziro lake n'lakuti pakafunika mitundu iwiri, ndi bwino umodzi ukhale amulodipini.

Chitsanzo cha wodwala mmodzi

Tiyerekeze bambo wa zaka 52 wokhala ku Area 47, wogwira ntchito muofesi ku City Centre. Pamasiku awiri osiyana BP yake yapezeka 156/96 ndi 158/98. Alibe shuga, mumkodzo mulibe mapuloteni, ndipo impso zili bwino. Dotolo akhoza kumuyambitsa HCTZ wa mamiligalamu 25 m'mawa uliwonse, n'kumuuza kuti abwerenso pakatha mwezi.

Koma bamboyu akanena kuti chala chachikulu chakuphazi chimatupa ndi kupweteka kwambiri usiku, makamaka akadya kanyenya ndi kumwa mowa, dotolo aganizira nyamakazi ya gauti. HCTZ amachulukitsa asidi yemwe amayambitsa gauti, choncho asankha amulodipini wa mamiligalamu 5 kamodzi patsiku.

Pakatha mwezi BP yafika 148/92, kutanthauza kuti sinatsike kufika pansi pa 140/90. Dotolo akweza amulodipini kufika mamiligalamu 10. BP itsika, koma pofika madzulo nsapato zikuthina chifukwa akakolo atupa. Kutupaku, kukakhala kopanda phuma kapena befu, nthawi zambiri si vuto la mtima: mitsempha ing'onoing'ono yatambasuka ndipo madzi akudikha m'mapazi. Mankhwala okodzetsa sathandiza kwenikweni kutupa kotere. Chomwe chimathandiza n'kubweza amulodipini pa mamiligalamu 5 n'kuonjezera enalapulili, yemwe amachepetsa kutupako ndipo amagwira bwino akaphatikizidwa ndi mankhwala ena.

Pamene enalapulili amatsogola

Zinthu zimasintha kwa munthu wa shuga yemwe mumkodzo mwake mwapezeka mapuloteni, chizindikiro chakuti masefa a impso ayamba kuonongeka. Enalapulili amachepetsa mphamvu yomwe magazi amakankhira masefawo, motero amachedwetsa kuonongekako. Woteroyo amafunika enalapulili kapena losatani kuyambira pachiyambi, nthawi zambiri pamodzi ndi amulodipini kapena HCTZ. Chimodzimodzinso yemwe mtima wake udafooka popopa magazi.

Mankhwalawa ali ndi lamulo lake. Magazi ayenera kuyezedwa asadayambike, n'kuyezedwanso pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, kuti aone potaziyamu ndi kiliyatinini, yemwe amaonetsa momwe impso zikusefera. Kiliyatinini akakwera pang'ono sizodabwitsa, koma akakwera kuposa magawo 30 pa 100 alionse, dotolo amaunikanso mankhwalawo. Komwe kuyeza kumeneku n'kovuta, amulodipini ndiwo sapereka nkhawa chifukwa safuna kuyeza magazi pafupipafupi.

Enalapulili amayambitsa chifuwa chouma chosatha mwa anthu ena, ndipo oterewa amasinthiridwa losatani. Mitundu iwiriyi samwera pamodzi. Choopsa kwambiri, ngakhale sichichitika kawirikawiri, ndi kutupa kwa milomo, lilime kapena kukhosi, komwe kumagwera anthu akuda kaŵirikaŵiri kuposa azungu. Zikatero, munthu asiye kumwa nthawi yomweyo n'kuthamangira kuchipatala, monga chachikulu cha Kamuzu, chifukwa njira ya mpweya ikhoza kutsekeka.

Amayi oyembekezera

Enalapulili ndi losatani amaononga impso za mwana wosabadwa, choncho ndi oletsedwa kwa mayi woyembekezera. Mayi yemwe akufuna kutenga pathupi auze dotolo msanga kuti amusinthire mankhwala, osadikira tsiku loyamba sikelo. M'malo mwake amapatsidwa methilodopa kapena nifedipini wogwira ntchito pang'onopang'ono.

Mankhwala ena omwe amasokoneza

Dotolo ayenera kudziwa chilichonse chomwe munthu akumwa. Rifampisini, yemwe ali m'mankhwala a TB, amachititsa chiwindi kuphwanya amulodipini ndi nifedipini mofulumira, moti BP ikhoza kukweranso. Ritonavira, yemwe ali m'ma ARV ena, amachita zosemphana: amachulukitsa amulodipini m'magazi, ndipo munthu akhoza kumva chizungulire.

Opha ululu monga bulufeni ndi dayikulofenaki, omwe anthu amagula okha m'mafamase, amakweza BP. Akakumana ndi HCTZ komanso enalapulili m'thupi limodzi, impso zikhoza kuima mwadzidzidzi, makamaka munthu akamatsegula m'mimba kapena kusanza. Wodwala yemwe akumwa mitundu iwiriyi n'kuyamba kutsegula m'mimba kwambiri apite kuchipatala tsiku lomwelo, atanyamula bukhu lake ndi mapaketi onse a mankhwala, kuti dotolo aone oyenera kuimitsidwa kaye.