Mmene Uthenga wa Maliro Wayendera ku Mkaika

Ambiri amati lamya ya m'manja inathetsa mavuto onse a kulengeza maliro, koma ine ndikukayika, pakuti chimene makolo a dziko lino la Kalonga Gawa Undi ankasamala koposa liwiro la uthenga chinali ndondomeko ya oumva.

Kale munthu akatsikira kulichete, amayi sankabuma kufikira mwini mbumba atakagwada kwa nyakwawa, ndipo nyakwawa ikalola, ndi pamene adzukulu ankamwazikana m'midzi. Kwa mbale wa mtima wofooka ankangoti "matenda akula," kuti zoona akazimvere pakati pa anzake omugwiriziza. Amene anali ku Migodi kapena ku Halale ankamva pa telegalamu, pambuyo pake pa wailesi, ndipo ambiri ankafika nkungoonetsedwa mtumbira.

Lamya za m'manja zitafika m'midzi ya Katete m'zaka za m'ma 2000, mwambo sunagwedezeke kwenikweni, chifukwa ndalama zoimbira zinali zochepa, ndipo woimbayo, atakwera pachulu kufuna netiweki, ankasankha mkulu mmodzi woti akauze ena mwaulemu. Chimene chinasintha zinthu ndi magulu a WhatsApp, mmene agogo ndi mdzukulu amalandira mawu amodzi pa mphindi imodzi, makamaka kuyambira mu Malichi 2020 pamene boma, poopa mliri wa korona, linaletsa kusonkhana anthu oposa 50 pamaliro.

M'nyengo yozizira ya 2021, mliri utafika pachimake, bambo wina wa ku Sinda anamwalira m'chipatala ku Lusaka mbandakucha, ndipo dzuwa lisanatuluke mphwake anali ataika kale chithunzi chake pagulu la banja. Mayi ake okalamba, amene analibe lamya, anamva ali padwale kuchokera kwa kamtsikana ka pafupi kamene kanangoti, "Pepani agogo," nyakwawa isanauzidwe, popanda wowagwira pamene anagwa. Tisabise, gululo linathandizanso, pakuti ndalama za bokosi, za galimoto yonyamula thupi ndi za ufa wa pasiwa zinasonkhedwa pa lamya tsiku lomwelo, dzina la wopereka aliyense likuonekera poyera. Koma mutu umodzi susenza denga: a m'tauni, popeza ndiwo anapereka zambiri, anatchula okha tsiku loika osafunsa kumudzi, kotero kuti thupi linafika adzukulu asanaonetsedwe pokumba, ndipo atsibweni a ku Vubwi, amene anauzidwa tsiku lina, anapeza zonse zitatha.

Sindimuweruza mnyamatayo, pakuti anachita mwa chisoni, ndipo panalibe anamuphunzitsa kuti uthenga wotere uli ndi mwini wake. Mabanja ena tsopano amayamba aimbira mwini mbumba, iye nkutuma munthu wa miyendo kwa makolo a malemu ndi kwa nyakwawa, ndipo pagulu amalembapo pokhapokha tsiku loika litagwirizanidwa kumudzi.