Kugawa n'kwina, kuduladula n'kwina

Abale anga, pali mawu amene akundisowetsa tulo. Lipoti la wamkulu wolondoloza chuma cha boma likatuluka, mumva pa wailesi akuti "ofesi yakuti inagawa tenda." Kugawa? Timagawa ndiwo, timagawa chimanga pa njala, ndipo wogawa timamuthokoza. Chimene wolondoloza chuma wapeza si kugawa ayi, n'kuduladula.

Onani mmene zimakhalira. Malamulo ogulira katundu wa boma, amene amayang'aniridwa ndi bungwe la PPDA, amaika malire a ndalama. Zogula zikakhala pansi pa malirewo, ofesi imangopempha mitengo kwa ogulitsa osachepera atatu. Zikapitirira, iyenera kulengeza poyera kuti aliyense apikisane. Tiyerekeze kuti malire ndi K10 miliyoni, ndipo ofesi ikufuna madesiki a K27 miliyoni. Wochenjera amalemba maoda atatu a K9 miliyoni, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, onse kwa munthu mmodzi. Oda iliyonse payokha ilibe banga. Chikhalirecho ntchito ndi imodzi, yaduliridwa dala kuti izembe mpikisano. Pamene ofesi yalengeza ntchito yonse poyera, n'kuipatula m'zigawo kuti amalonda ang'onoang'ono nawonso adyepo, pamenepo ndiye tinene kuti yagawa.

Wolondoloza chuma sakhulupirira pepala limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amandandalika maoda a chaka chonse potsata tsiku, wogulitsa ndi mtundu wa katundu, n'kuona ngati ambiri akuunjikana pamunsi penipeni pa malire. Kenaka amatsegula dongosolo la zogula la chakacho: ngati madesiki analembedwamo ngati chinthu chimodzi, anasanduka bwanji atatu?

Pa kukondera napo lilime lathu layamba ulesi. "Anangomuganizira," amatero. Timaganizira wamasiye, abale! Kampani imodzi ikamapambana nthawi zonse, mitengo ya opikisana nayo awiri aja ili ndi nambala ya foni yofanana ndi yake, mawu olakwika kalembedwe ali pamalo pomwepo m'makalata onse atatu, ndipo ku kaundula wa makampani mwini wake n'kupezeka kuti ndi mlamu wa wina wa m'komiti yogula, dzina lake n'kukondera. Khoswe wakhala pa mkhate, ndipo mawu ofewa ndiwo amamuteteza.

Komatu tisalumphire kwina n'kusokoneza chizindikiro ndi umboni. Maoda atatu ndi chizindikiro chabe, pakuti mwina ndalama zinkachokera ku Thumba la boma pang'onopang'ono, kapena denga linasasuka mwadzidzidzi. Umboni umabwera pamene ofesi yafunsidwa n'kulephera kuonetsa chifukwa cholembedwa. Wotchula munthu wakuba asanafike pamenepo walakwira chinenero ndi munthuyo.

Inu atolankhani ndi omasulira malipoti, lipoti lotsatira likafika m'manja mwanu, lembani kuti anaduladula, ndipo mutiuze maoda anali angati, a ndalama zingati, ndi kwa yani.