Madzi a mu Ubongo ndi Mumsana

Madzi oyera mbee amenewa amapangidwa kuchokera m'magazi, m'timapanga tinayi ta mkati mwa ubongo, pafupifupi theka la lita patsiku, ngakhale opezeka nthawi imodzi ndi mamililita 150 okha. Amachoka m'timapanga tiwiri ta m'mbali nalowa m'kachitatu, kenaka amatsikira m'kachinayi kudzera m'kanjira kopapatiza kwambiri. Akatuluka mmenemo amazungulira ubongo ndi mtsempha wa mkati mwa fupa la msana, pansi pa chikuto chofanana ndi ukonde wa kangaude. Ambiri amabwerera m'magazi kudzera m'timatuza tolowa mu mtsempha waukulu wa paliwombo. Kanjira kaja kakatsekeka, madzi amadzadza kumtunda kwake. Izi zikachitikira khanda, limakula mutu msanga, liwombo limatupa, maso nkumayang'ana pansi; mukaona izi, lithamangitsireni kuchipatala.