Mawu amodzi, zithunzi makumi atatu

Mafilimu oyambirira analibe mitundu, koma opanga ake sanakhutire ndi zakuda ndi zoyera zokha. Ankanyika filimuyo mu utoto: wobiriwira ngati thambo kusonyeza usiku, wachikasu chodera kusonyeza m'nyumba moyaka nyali. Woonera ankadziwa nthawi ndi mzimu wa nkhani asanawerenge liwu lililonse.

Filimu ya mitundu itafala, ntchitoyi inagwera katswiri wa mu labotale. Iye ankasintha mphamvu ya nyali zitatu, yofiira, yobiriwira ndi ya buluu, pa sikelo yofika 50, pakati pake pali 25. Wotsogolera filimu akati "tenthetsani pang'ono", katswiriyo ankasandutsa mawuwo kukhala manambala atatu n'kuwalemba. Apa ndi pomwe pagona luso lonse, ndipo ine ndimaona kuti ambiri lero aiwala zimenezi.

Mu 2000 munatuluka filimu ya O Brother, Where Art Thou? Anaijambula ku Mississippi mitengo ili biriwiri, koma wojambula wake, Roger Deakins, ankafuna dziko louma, la fumbi. Filimu yonse anailowetsa pakompyuta, masamba obiriwira n'kusanduka achikasu ngati udzu wa m'chilimwe. Instagram itabwera mu 2010, anthu ambiri anayamba kuchita zofananako pa foni ndi chala chimodzi.

Tsono mawu onga "tenthetsani pang'ono" aja analowa m'zikalata za otsatsa malonda. Zomwe pa sikirini zimalembedwa kuti Matte zimatanthauza kukweza mdima: mu Lightroom umakoka nsonga yapansi ya Tone Curve kuti chakuda bii chichoke pa 0 kufika mwina pa 20 mwa 255, chithunzi n'kuoneka chofewa, chosanyezimira. Mitundu yofunda ndi kukankhira Temp ku chikasu. Maonekedwe a filimu ndi timadontho ta Grain pamodzi ndi kuwala kosathobwa m'maso.

Tiyerekeze kuti kampani ya tiyi ikufuna zithunzi 30 za mzimu umodzi. Zina zajambulidwa panja, pa kuwala kwa makelivini pafupifupi 5500, zina m'khitchini pa babu la 3200. Ukapaka zonse kufunda kofanana osayamba wazilinganiza, zapanja zimakongola, koma zam'khitchini zimapsa ngati lalanje. Choyamba ndi kuonetsetsa kuti kapu yoyera ndi yoyeradi m'chithunzi chilichonse. Kenako usankhe chithunzi chimodzi, mugwirizane ndi mwini malonda kuti "kufunda" n'kumeneku, usunge manambala ake, zotsalazo uziyeze pambali pake.

Chimene chimandipweteka ndi khungu. Kukweza mdima kumagwira malo akuda a chithunzi, ndipo nkhope ya munthu wakuda ili kufupi ndi pomwepo. Ukapitirira muyezo, tsaya limatuwa ngati la munthu amene sanadzole mafuta. Uyang'ane pachipumi ndi pansi pa chibwano. Pakatuwa, tsitsa nsonga ija mpaka khungu libwerere mwakale.