Chakhumi ndi chopereka chaufulu: kusiyana kwake kuli pati?

Tsiku la malipiro likafika m'maesiteti a tiyi m'boma la Thyolo, monga ku Satemwa, Naming'omba, Makandi ndi Conforzi, ndalama imakhala itagawidwa kale m'mutu isanafike m'manja. Pali ufa, sopo, fizi ya ana ndi ngongole ya kugolosale. Koma kwa Akhristu ambiri palinso gawo lina limene amalipatula asanagule kanthu: chakhumi. Kodi mwambowu watsamira pa chiyani, nanga ukusiyana bwanji ndi ndalama imene munthu amaponya m'mbale pa mapemphero?

Tanthauzo la mawuwa

Chakhumi ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene munthu wapeza. Wopeza K100,000 amapatula K10,000, ndipo wokolola matumba khumi a chimanga amapatula thumba limodzi. Muyeso wake ndi wokhazikika, sudalira mmene mtima ukumvera tsikulo. N'chifukwa chake mipingo imene imaphunzitsa chakhumi imakonda kunena kuti munthu "amabweza" chakhumi, chifukwa imakhulupirira kuti gawolo ndi la Mulungu kale.

Chopereka chaufulu chilibe muyeso wotere. Wopereka amasankha yekha kuchuluka kwake, nthawi yake, ndipo kawirikawiri amasankhanso ntchito imene akufuna kuthandiza. M'gulu limeneli muli chopereka cha m'mbale, chothokoza, cha masika ndi cha ntchito yomanga tchalitchi.

Maziko ake m'Chipangano Chakale

Baibulo limatchula chakhumi koyamba pa Genesis 14, pamene Abramu, pobwera kunkhondo, anapatsa Melikizedeke, mfumu ya ku Salemu yemwenso anali wansembe, gawo lakhumi la zonse. Pa Genesis 28, Yakobo analumbira ali pa Beteli kuti adzapereka gawo lomwelo Mulungu akamusunga paulendo wake. Ochirikiza chakhumi amaziwerengera kwambiri nkhani ziwirizi chifukwa zinachitika chilamulo cha Mose chisanabwere.

M'chilamulomo, chakhumi chinali cha zokolola ndi ziweto. Levitiko 27:30-33 imanena za mbewu za m'munda, zipatso za m'mitengo ndi chiweto chilichonse chachikhumi powerenga. Numeri 18 imafotokoza kumene chinkapita: kwa Alevi, fuko limene silinalandire gawo la dziko chifukwa ntchito yake inali yotumikira pachihema. Nawonso Alevi ankapatula chakhumi cha zimene alandira n'kupatsa ansembe.

Deuteronomo 14:22-29 imawonjezera mbali imene siimveka kawirikawiri pa guwa. Panali chakhumi chimene banja linkadya lokha pamalo opembedzera, ndipo chaka chachitatu chilichonse chakhumi chinkasungidwa m'midzi kuti adye Alevi, alendo, ana amasiye ndi akazi amasiye.

Ndime yotchuka kuposa zonse ndi Malaki 3:8-10. Mneneriyo akudzudzula Aisraeli kuti akubera Mulungu pa chakhumi ndi pa zopereka, ndipo akuwauza kubweretsa chakhumi chonse kunyumba yosungiramo kuti m'Kachisi mukhale chakudya. Iye akutchula zinthu ziwirizo padera, ndipo apa ndi pamene mipingo yambiri imatengera kusiyanitsa kwake.

Chitsanzo chomveka cha chopereka chaufulu chili pa Eksodo 35 ndi 36. Pomanga chihema, aliyense anabweretsa zimene mtima wake unafuna, mpaka Mose anawaletsa chifukwa zinali zitakwana n'kutsala. Panalibe muyeso, panali ntchito imodzi yodziwika, ndipo zofunika zitakwana kusonkha kunatha.

Pamene Akhristu amasiyana maganizo

Chipangano Chatsopano chilibe ndime yolamula mpingo mwachindunji kupereka gawo lakhumi. Pa Mateyu 23:23 Yesu akudzudzula Afarisi kuti ankapereka chakhumi ngakhale cha timbewu ta m'dimba koma n'kutaya chilungamo, chifundo ndi kukhulupirika, ndipo akuti anayenera kuchita zazikuluzo osasiya zinazo. Ena amawerenga mawu amenewa ngati chilolezo chakuti chakhumi chipitirire. Ena amati Yesu ankayankhula kwa Ayuda amene anali pansi pa chilamulo, Kachisi akadalipo.

Mtumwi Paulo pa 1 Akorinto 9:13-14 akuti olalikira Uthenga Wabwino azidyera ntchito yawoyo monga ankachitira otumikira m'Kachisi. Koma pa 1 Akorinto 16:2 ndi 2 Akorinto 9:7, pokamba za thandizo lopita kwa abale osauka a ku Yerusalemu, satchula gawo lakhumi. Akuti aliyense apatule molingana ndi mmene wapezera, monga watsimikiza mumtima, mosakakamizidwa.

Choncho pali magulu atatu. Loyamba limati chakhumi ndi lamulo lomwe likadalipo. Lachiwiri limachitenga ngati muyeso wothandiza poyambira, osati lamulo. Lachitatu limati Mkhristu apereke monga angathere. Mpingo wa Katolika, mwachitsanzo, umalamula akhristu ake kuthandiza pa zosowa za mpingo aliyense monga mwa mphamvu zake, koma malamulo ake a dziko lonse satchula gawo lakhumi. Kuno kwathu udindowu umadziwika ndi dzina lakuti mtulo.

Chitsanzo cha ku Malamulo

Thyolo ndi malo abwino kuonerapo kusiyanaku chifukwa ku Makwasa, pakati pa minda ya tiyi, kuli mishoni ya Malamulo ya mpingo wa Seventh Day Adventist. Mpingowu unayamba ntchito pamalopa m'chaka cha 1902, kudzera mwa Joseph Booth ndi Thomas Branch. Kusamala chuma cha Mulungu, kuphatikizapo kubweza chakhumi, ndi chimodzi mwa zikhulupiriro zake zolembedwa.

Mumpingo umenewu chakhumi sichitsala patchalitchi pamene chaperekedwa. Membala amalemba pa envulopu kuti chakhumi ndi ndalama zingati ndipo zopereka ndi zingati. Msungichuma amapereka lisiti, kenako amatumiza chakhumi chonse kulikulu la chigawo, kumene chimalipira abusa ndi kuyendetsa ntchito yolalikira, ndipo gawo lina limakwera kumaofesi apamwamba. Malamulo a mpingowu salola kuti tchalitchi igwiritse ntchito chakhumi pomanga nyumba kapena kubweza ngongole zake. Malata, mabenchi, magetsi ndi thandizo la osowa zimachokera ku zopereka.

Dongosololi lili ndi chifukwa chake. Malipiro a mbusa amachokera kuchigawo, motero mbusa wotumikira othyola tiyi kumudzi sadalira mbale ya anthu ake okha, ndipo mipingo ya m'tauni imanyamulako katundu wa mipingo yosauka. Vuto lake ndi lakuti mpingo wokhulupirika pa chakhumi koma wofooka pa zopereka ukhoza kumapemphera m'tchalitchi yodontha. M'mipingo yambiri ya chipentekosite yoima payokha zinthu n'zosiyana: nyumba yosungiramo ya pa Malaki imatengedwa kuti ndi tchalitchi yomweyo, ndipo chakhumi chimatsala pomwepo.

Kuwerengera kwake

Tiyerekeze mayi wothyola tiyi, ndipo manambala onse apa ndi ongoyerekeza. M'nyengo ya mvula masamba amaphuka mofulumira, ndipo wothyola akapyola mulingo wa makilogalamu a tsiku amalandira ndalama yowonjezera. Tinene kuti mwezi wa Febuluwale wapeza K120,000. Chakhumi chake ndi K12,000. M'chilimwe masamba amachepa, ndipo tinene kuti wapeza K70,000. Chakhumi chimatsika n'kukhala K7,000. Ngati ndi wantchito wa nyengo ndipo waimitsidwa, osapeza kalikonse, palibenso chakhumi, pakuti chimawerengedwa pa zimene zalowa. Apa chikusiyana ndi pangano la ndalama yokhazikika ya pamwezi, limene silitsika ntchito ikatha.

Funso lovuta limabwera pa ndalama zodulidwa. Ngati mayiyu ali pa penshoni, lamulo la dziko lino limati wantchito adulidwe 5 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya malipiro owerengera penshoni. Titati K120,000 yonseyo ndi yowerengera, wadulidwa K6,000 ndipo m'manja mwafika K114,000. Ena amapereka K12,000, poti malipiro onse ndi ake. Ena amapereka K11,400 n'kudikira kudzapereka chakhumi cha penshoniyo akadzailandira. Baibulo silinena za malipiro odulidwa motere, ndiye mipingo yambiri imasiya nkhaniyi m'chikumbumtima cha munthu.

Mlimi wa tiyi wa munda wakewake ali ndi masamu ena. Tinene kuti wagulitsa masamba kufakitale n'kupeza K300,000, koma feteleza ndi aganyu zinamudyera K120,000. Phindu lake ndi K180,000. Chiphunzitso chofala n'chakuti chakhumi chimachokera pa phindu, motero ndi K18,000, osati K30,000. Chimodzimodzi wogulitsa nthochi kapena mapeyala pa Bvumbwe: akawerengera chakhumi pa ndalama zonse zogulitsa, amadya mpamba wake mosadziwa. Ngongole nayo si phindu. Ndalama yobwereka kubanki mkhonde idzabwezedwa, ndiye siichotsedwa chakhumi.

Zimene zimalakwika

Cholakwika choyamba ndi kusakaniza matumba. Chakhumi ndi zopereka zikathiridwa pamodzi popanda kulemba, palibe angadziwe ngati ndalama yafika kumene woperekayo anaitumiza. Zizindikiro za dongosolo labwino n'zosavuta kuona: ndalama zimawerengedwa ndi anthu oposa mmodzi, wopereka amalandira lisiti, ndipo mpingo umamva lipoti la zachuma nthawi ndi nthawi. Kumene kufunsa lipoti kumatengedwa ngati kupanda chikhulupiriro, membala ali ndi chifukwa chodera nkhawa.

Chachiwiri ndi kusandutsa chakhumi malonda. Pali alaliki amene amalonjeza kuti wopereka adzalemera msanga, mpaka anthu amakatenga katapila kuti apereke. Ngakhale mwa masamu a chakhumi chenichenicho izi n'zolakwika, popeza munthu sangapatule gawo la ndalama imene sanaipeze.

Chachitatu ndi kuiwala kuti gawo lofanana silipweteka mofanana. K7,000 kwa wolandira K70,000 ikhoza kukhala ndiwo ndi sopo za masiku angapo, pamene K200,000 kwa wolandira K2 miliyoni imasiya mphika uli wodzaza. Ochirikiza chakhumi amati ubwino wake ndi womwewo, kuti wosauka ndi wolemera amayezedwa ndi muyeso umodzi. Otsutsa amakumbutsa kuti pa Deuteronomo mkazi wamasiye anali m'gulu la odya chakhumi, ndiponso kuti pa Marko 12:41-44 Yesu anaika tindalama tiwiri ta mkazi wamasiye pamwamba pa zochuluka za olemera, poyang'ana zimene zinatsala m'manja mwa aliyense.

Wofuna kudziwa ngati ndalama imene akupereka ndi chakhumi kapena chopereka chaufulu angadzifunse mafunso awiri: kodi kuchuluka kwake kwachokera pa zimene ndapeza kapena ndasankha ndekha, nanga mpingo wanga umaitumiza kuti? Yankho la funso loyamba lili papepala la malipiro, ndipo lachiwiri liyenera kupezeka m'buku la msungichuma.