Chibale kapena Nkhope Chabe: Mbiri ya BLAST ndi Funso Limene Inabadwira

Mu 1983 Russell Doolittle wa ku San Diego analowetsa mu kompyuta chidutswa cha puloteni ya m'magazi yotchedwa PDGF, imene imachititsa maselo kuchulukana pochiza bala. Nkhokwe yake ya mapuloteni inali yolembedwa pamanja kuchokera m'magazini a sayansi. Kompyuta inamuonetsa kuti chidutswacho chikufanana pafupifupi chilembo ndi chilembo ndi puloteni ya v-sis, jini ya vairasi yoyambitsa khansa mwa anyani. Gulu la Michael Waterfield ku London linapeza zomwezo chaka chomwecho. Pamenepo panalibe chokayikitsa, chifukwa kufananako kunali koonekeratu ngati kwa mapasa. Chimene chavutitsa anthu zaka zonse zotsatira ndi kufanana kwapatalipatali, kumene munthu amati akayang'ana, mtima umati "ndi abale" koma umboni uli wochepa.

Puloteni imalembedwa ndi zilembo 20, chilichonse kuimira amino asidi imodzi. Tikati mapuloteni awiri ndi apachibale tikutanthauza kuti anachokera kwa kholo limodzi. Chibale choterechi chilibe theka kapena kota: chilipo kapena palibe. Chimene timayeza ndi kufanana kokha, ndipo aliyense amene anapatsapo moni mlendo pamsika pomuyesa msuweni wake amadziwa kuti nkhope imanamiza.

Oyamba kulimbana ndi nkhaniyi anafuna njira yochongera malikisi. Margaret Dayhoff, amene anayamba kusindikiza mindandanda ya mapuloteni mu 1965, anatulutsa mu 1978 matebulo a PAM osonyeza amino asidi zimene zimalowana m'malo kawirikawiri. Njira ya Needleman ndi Wunsch ya 1970 inkandanditsa mapuloteni awiri kuyambira kumutu mpaka kumchira, pamene ya Smith ndi Waterman ya 1981 inkafufuza chigawo chokhacho chofanana kwambiri. Zinali zolondola koma zochedwa. FASTP ya Lipman ndi Pearson mu 1985 inafulumizitsa ntchito. Komabe poweruza, ambiri ankadalira maperesenti a zilembo zofanana. Doolittle yemweyo anachenjeza za dera la chisisira, cha m'ma 25 peresenti kupita pansi, kumene wachibale ndi mlendo saoneka bwino.

Zinthu zinasintha mu 1990. Samuel Karlin ndi Stephen Altschul anaonetsa mwa masamu kuchuluka kwa malikisi amene angapezeke mwangozi pakati pa mindandanda yosagwirizana konse. Chaka chomwecho Altschul, Gish, Miller, Myers ndi Lipman anatulutsa BLAST. Kachitidwe kake n'kosavuta kumva: imadula puloteni yanu m'timawu ta zilembo zitatu, n'kufufuza m'nkhokwe pamene pali timawu tofanana nato, kenako n'kutambasula mbali zonse ziwiri mpaka malikisi atayamba kutsika. Anthu amaitamanda chifukwa cha liwiro, koma kwa ine mphatso yake yeniyeni ndi nambala imene imaikidwa pambali pa chopezeka chilichonse, `E value`. Nambalayi ikunena kuti: m'nkhokwe yaikulu chonchi, ndi zopezeka zingati za malikisi amenewa kapena oposa zimene zikanatuluka mwangozi?

```
E = m × n × 2^(-S')
```

Apa `m` ndi kutalika kwa puloteni yanu, `n` ndi zilembo zonse za m'nkhokwe, ndipo `S'` ndi malikisi olembedwa pansi pa `Bits`. Tiyeni tiwerengere limodzi. Puloteni yanu ili ndi zilembo 250 ndipo yapeza inzake pa malikisi 40. Mukafufuza m'mapuloteni a munthu okha, zilembo ngati 10 miliyoni, `E` ikhala pafupifupi 0.002, kutanthauza kuti ngozi yotere ingachitike kawiri pa maulendo 1,000. Tengani mapuloteni awiri omwewo, malikisi omwewo, koma m'nkhokwe ya zilembo 100 biliyoni: `E` ifika cha pa 23. Palibe chasintha pa mapuloteniwo. Chakula ndi khamu, ndipo m'khamu lalikulu simulephera kupeza wofanana ndi malume anu. N'chifukwa chake pepala lotchula `E value` osatchula nkhokwe limandisowetsa mtendere. Pa mapuloteni, anthu ambiri amakhulupirira `E` yochepera 0.001, pamene pa DNA, yokhala ndi zilembo zinayi zokha, pamafunika yochepetsetsa kuposa pamenepo.

Masamu a Karlin ndi Altschul ali ndi pogona pawo: amayesa kuti zilembo za puloteni ndi zosakanikirana bwino, monga mwa puloteni wamba. Zaka zotsatira zinathera kwambiri pokonza pamene maganizowa amagwa. Tebulo la BLOSUM62 la banja la Henikoff linabwera mu 1992, ndipo mu 1993 Wootton ndi Federhen anatulutsa SEG, yophimba zigawo zobwerezabwereza zilembo zochepa.

Amene amafufuza malungo amalidziwa bwino vutoli. DNA ya kachilombo ka Plasmodium falciparum, imene inawerengedwa yonse mu 2002, ili ndi A ndi T pafupifupi 80 peresenti, ndipo mapuloteni ake ambiri ali ndi mizere itali-itali ya asiparajini, imene imalembedwa N. Mukaponya puloteni yotere mu BLAST, pamwamba pangatuluke mapuloteni a Dictyostelium discoideum, kamoyo ka m'nthaka kodzazanso ndi ma N, ndipo `E` n'kuoneka yokhutiritsa. Musathamangire kulemba. Tsegulani mundandanda weniweniwo muone ndi maso. Ngati mzere wa `Query` uli `NNNNDNNNKNNN` ndipo wa `Sbjct` uli chimodzimodzi, koma kumutu ndi kumchira kulibe chogwirizana, mwapeza mapuloteni awiri achibwibwi chofanana, osati abale. Bwerezani mutaphimba zigawozo:

```
blastp -query puloteni.fa -db swissprot -seg yes -evalue 0.001 \
  -outfmt "6 sseqid pident length qcovs evalue bitscore"
```

Chongofanana nkhope chimazimiririka apa, pamene wachibale weniweni amatsala, ngakhale malikisi atsikeko. Yang'ananinso `qcovs`, gawo la puloteni yanu limene lagwirizana. Zilembo 60 mwa 600 zikafanana motsimikizika, chibale chili pa kachigawo ako kokha, ndipo n'kulakwa kupatsa puloteni yonse dzina ndi ntchito ya inzakeyo.

Mu 1997 BLAST inayamba kulola mipata pamene chilembo chinatayika kapena kuwonjezeka, ndipo kunabwera PSI-BLAST. Iyi imatenga zopezeka zodalirika, n'kupanga chithunzi cha banja lonse, n'kufufuzanso ndi chithunzicho. Inafukula abale akutali ambiri, koma inabweranso ndi ngozi yake: mlendo mmodzi akalowa pa ulendo wachiwiri, pa wachitatu amakoka abale ake onse, aliyense ndi `E` yokongola. Kuyambira 2001 malikisi anayamba kukonzedwa molingana ndi kuchuluka kwa zilembo za puloteni iliyonse, zimene zinachepetsa mabodza a zigawo zobwerezabwereza koma osawathetsa.

Pali mbali ina imene nambalayi siingathandize. `E` yaikulu siitsimikiza kuti palibe chibale, imangonena kuti zilembo zokha sizikukwanira kuchitira umboni. Mayogulobini wa m'minofu ndi hemogulobini wa m'magazi amafanana pa chilembo chimodzi mwa zinayi zilizonse, m'chisisira chenicheni, koma pamene Kendrew ndi Perutz anaona kapindidwe kawo cha m'ma 1960, kanali kamodzi. Pali mabanja ena amene zilembo zinasiyana kwambiri kuposa apa mpaka BLAST osawaonanso. Choncho mukapeza `E` ya 0.5 pa puloteni yotalika mofanana ndi yanu, ndipo zilembo zofunika pa ntchito yake zili m'malo mwake, musaitaye. Fufuzaninso m'nkhokwe yaing'ono, kenako ponyani chopezekacho ngati funso muone ngati chikubwerera ku banja la puloteni yanu, ndipo zikavutabe yerekezani kapindidwe ka awiriwo.